Kalembedwe ka nkhani ya mndandanda yopanda mfundo zongodzazira malo

Olemba ambiri amalakwitsa nkhani ya mndandanda asanalembe n'komwe mfundo yoyamba. Amayamba ndi mutu wakuti "Njira 10 zochitira chakutichakuti," kenako n'kuyamba kusakasaka mfundo zoti zikwane 10. Zinayi kapena zisanu zoyambirira zimabwera mosavuta chifukwa ndi zimene wolembayo akuzidziwadi. Zotsalazo zimabwera mokakamiza: ina ndi mfundo yachiwiri yomwe ija yongosinthidwa mawu, ina ndi malangizo oti "khalani wosamala," ina ndi ya nkhani ina yosiyana. Zimakhala ngati kuthira madzi m'ndiwo kuti msuzi ukwanire anthu onse. Wowerenga amazindikira msanga, ndipo akangokumana ndi mfundo ziwiri zopanda kanthu amayamba kukayikira ngakhale zabwino zija.

Njira yopewera zimenezi ndi yoti nambala ibwere kumapeto, mfundo zitasefedwa kale. M'malangizo ano tigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza: nkhani yothandiza banja kusunga chimanga kuti chisafumbwe.

Zofunika musanayambe

- Timapepala todula pafupifupi 20, tokwana chiganizo chimodzi pa kalikonse. Mfundo zikakhala pa timapepala n'zosavuta kuzisuntha, kuziphatikiza ndi kuzitaya. Zikakhala pa tsamba limodzi zolembedwa kale manambala, mtima umakana kufufutapo.
- Cholembera cha mtundu wina chochongera.
- Kopezako mfundo zenizeni. Pa nkhani ya chimanga, apa tikunena malangizo osindikizidwa pa paketi ya mankhwala, malangizo a pa matumba osalowa mpweya, timabuku ta alangizi a zaulimi, ndi munthu amene amasunga chimanga chaka ndi chaka.
- Munthu mmodzi wofanana ndi amene mukumulembera, woti adzawerenge nkhaniyo isanatuluke.
- Usiku umodzi pakati pa kulemba ndi kukonza.

1. Lembani funso la wowerenga m'chiganizo chimodzi

Musanalembe mfundo iliyonse, lembani pamwamba pa pepala amene mukumulembera, pamene wafika pa ntchito yake, ndi chimene akuopa kapena kufuna. "Kusunga chimanga" si funso, ndi dera lalikulu lomwe mungaikemo chilichonse. Funso lathu likhale ili: "Banja lakolola kale, lili ndi chimanga chokwana matumba 10 a makilogalamu 50, ndipo likufuna kuti chifike mwezi wa Febuluwale chisanafumbwe kapena kuchita chuku. Lichite chiyani?"

Chiganizo chimenechi ndicho chidzakhale muyeso wa mfundo iliyonse. Chanena kale kuti kukolola kwatha, choncho za nthawi yokolola sizikulowamo. Chanena kuti ndi banja, choncho za nyumba zazikulu zosungiramo katundu za amalonda sizikulowamo.

Chenjezo: ngati m'funso lanu muli anthu awiri, monga mlimi wosunga chakudya ndi wogula chimanga kuti adzagulitse, sankhani mmodzi. Mndandanda wolembera onse awiri umatalika, koma aliyense wa iwo amapezamo theka lokha lomukhudza.

2. Tulutsani zonse zomwe muli nazo, osawerenga

Lembani mfundo iliyonse imene yabwera m'mutu kapena imene mwaipeza pofufuza, imodzi pa kapepala kake. Musaike manambala ndipo musaweruze pakadali pano. Pa chitsanzo chathu tinene kuti patuluka izi:

Kololani pa nthawi yake. Yanikani chimanga bwino. Onetsetsani kuti chauma. Musasunge chimanga chonyowa. Petani n'kuchotsa chowola. Sesani m'chipinda chosungiramo. Thirani mankhwala. Gwiritsani ntchito matumba osalowa mpweya. Musaike matumba pansi. Matumba asagunde khoma. Samalani chimanga chifukwa ndi chakudya cha banja. Funsani alangizi. Musagulitse chimanga chonse. Muziyendera matumba.

Timapepala takwana 14. Apa ndi pomwe ambiri amasangalala n'kunena kuti angochotsa zinayi kuti zitsale 10, kapena awonjezere imodzi kuti zikwane 15. Zonse ziwirizi n'zolakwika pa chifukwa chimodzi: nambala ndiyo ikusankha mfundo.

3. Sefani mfundo ndi mafunso atatu

Ntchito yaikulu ya nkhani yonse ili pano, ndipo musaifulumire. Tengani kapepala kamodzikamodzi n'kukafunsa mafunso awa motsatana.

Funso loyamba: kodi mfundoyi ikuyankha funso lomwe lili pamwamba pa pepala? "Kololani pa nthawi yake" ndi malangizo oona, koma wowerenga wathu wakolola kale. Kumuuza zimenezi n'kumuuza chinthu chomwe sangachisinthenso chaka chino. "Musagulitse chimanga chonse" ndi nzeru yabwino pa nkhani ya chakudya cha pakhomo, koma siiletsa nankafumbwe kuboola njere. Timapepala tiwiriti tiikeni pambali m'envulopu. Musatitaye, chifukwa tingadzakhale poyambira nkhani ina.

Funso lachiwiri: kodi munthu akawerenga mfundoyi angadzuke mawa n'kuchita chinthu chooneka ndi maso? "Samalani chimanga chifukwa ndi chakudya cha banja" ilibe chochita. Palibe mlimi amene sadziwa kuti chimanga ndi chakudya. Njira yachidule yogwirira mfundo zotere ndi kuchotsa dzina la chinthucho n'kuikapo lina. "Samalani mbuzi," "samalani njinga," "samalani ndalama": chiganizocho chikuyendabe bwinobwino kulikonse. Mfundo yoyenda pa nkhani iliyonse ilibe chomwe ikunena pa nkhani yanuyo. Imeneyi itayeni.

"Funsani alangizi" ndi yovutirapo, chifukwa ili ndi chochita. Vuto lake n'lakuti ikutumiza wowerenga kwina popanda kumuuza choti akafunse. Ikakhala payokha ndi mfundo yodzazira malo. Koma ikalowa m'kati mwa mfundo ina, pamalo pomwe thandizo la mlangizi likufunikadi, imakhala ndi ntchito. Mwachitsanzo, pofotokoza za kuuma kwa chimanga munganene kuti wokayikira akafunse ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lake ngati ali ndi kachipangizo koyezera chinyezi. Choncho kapepalaka kasunthidwe, kakhale chiganizo chimodzi m'mfundo ina.

Funso lachitatu: kodi munthu akachita mfundo iyi, wachita kale ina ya pa mndandandawu? Yang'anani zitatu izi: "Yanikani bwino," "Onetsetsani kuti chauma," "Musasunge chonyowa." Woyanika bwino n'kuyesa kuti chauma sangasungenso chonyowa. Ndi ntchito imodzi yonenedwa katatu, kamodzi molamula, kamodzi mokumbutsa, kamodzi moletsa. Kudzazira kwa mtundu umenewu ndiko kofala kwambiri, ndipo kumapusitsa ngakhale wolemba mwiniwake chifukwa mawu ake ndi osiyana. Lumikizani timapepala titatuti tikhale mfundo imodzi. Chimodzimodzi "Musaike matumba pansi" ndi "Matumba asagunde khoma": zonse zikunena za kasanjidwe ka matumba, ndipo chifukwa chake ndi chimodzi, kuti chinyezi cha pansi ndi cha m'khoma chisalowe m'chimanga. Zikhale mfundo imodzi.

Patsala timapepala tiwiri tofunika kutiganizira mozama: "Thirani mankhwala" ndi "Gwiritsani ntchito matumba osalowa mpweya." Zonse ziwiri n'zolimba, ndipo aliyense angafune kuzisiya ngati mfundo ziwiri. Koma mndandanda wa manambala umamveka kwa wowerenga ngati ukunena kuti achite zonse, iyi kenako iyo. Izi ziwiri si zotsatizana, ndi njira ziwiri zoti asankhepo imodzi. Matumba osalowa mpweya, monga a PICS, amapha tizilombo potimana mpweya ndipo safuna mankhwala. Mukaziika ngati mfundo 7 ndi mfundo 8, banja lina ligula zonse ziwiri n'kuwononga ndalama. Ziikeni pansi pa mfundo imodzi yakuti "Sankhani njira imodzi yophera tizilombo," ndipo m'kati mwake mufotokoze yoyamba, yachiwiri, ndi chomwe munthu angasankhire ina kusiya ina.

Mukawerenga tsopano, pa 14 paja patsala 6: kuumitsa ndi kuyesa, kupeta, kuyeretsa mosungira, kusankha njira yophera tizilombo, kusanja matumba, ndi kuyendera.

Chenjezo: musabweze mfundo yomwe yagwa pongoona kuti mndandanda wachepa. Ngati mukuona kuti pakusowa kanthu, bwererani ku funso la wowerenga n'kudzifunsa chomwe chingawononge chimanga chake chomwe simunachitchule. Mungapeze kuti makoswe simunawatchule, pomwe khoswe akaboola thumba losalowa mpweya ntchito yonse ya thumbalo yatha. Imeneyo ndi mfundo yeniyeni. Mutha kuiika m'kati mwa kusanja matumba, kapena kuipatsa nambala yakeyake ngati muli ndi zokwanira zonena.

4. Dzazani mfundo iliyonse ndi zinthu zinayi

Kuchepetsa mfundo pakokha sikupangitsa nkhani kukhala yothandiza. Mfundo 6 zopanda kanthu n'zosathandiza mofanana ndi 10 zopanda kanthu. Malo omwe mwapeza pochotsa zodzazira aja muwagwiritse ntchito kuzamitsa zotsalazo. Mfundo yokwanira imayankha zinthu zinayi: chochita, muyeso wake, chifukwa chake, ndi chizindikiro choti zalakwika.

Nayi mfundo yoyamba italembedwa mwa masiku onse:

"Yanikani chimanga bwino. Chimanga chosauma chimawonongeka msanga, choncho onetsetsani kuti chauma mokwanira musanachisunge."

Mawu akuti "bwino" ndi "mokwanira" ndiwo abisa chomwe wowerenga amafuna. Iye akudziwa kale kuti chiume. Chomwe sakudziwa ndi mmene angadziwire kuti chauma. Nayi mfundo yomweyo italembedwa ndi zinayi zija:

"Yanikani chimanga chotonola pa lona kapena pamphasa, osati padothi, n'kumachitembenuza. Chimanga chosunga chimafunika chinyezi chisapitirire 13 peresenti, chifukwa chikapitirira chimachita chuku m'thumba, ndipo chuku china chimasiya poizoni amene satha ngakhale pophika. Poyesa, tengani botolo lagalasi loyera ndi louma, thiranimo chimanga mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu, onjezani masipuni awiri kapena atatu a mchere wouma, tsekani, khutchumulani kwa mphindi imodzi, dikirani mphindi 15, kenako khutchumulaninso. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume: chibwezeni padzuwa. Mcherewo muyambe mwauyanika, chifukwa mchere wachinyezi umamatirira ngakhale chimanga chili chouma. Dziwaninso kuti njirayi imagwira chimanga chomwe chinyezi chake chili pafupifupi 15 peresenti kupita m'mwamba, choncho ngakhale mchere usamatirire, ndi bwino kuchiyanikabe pang'ono musanamange matumba."

Onani chiganizo chomaliza. Chikunena malire a njirayo, pomwe imalekera kugwira ntchito. Zinthu zotere sizipezeka m'nkhani yolembedwa pothamangira nambala, chifukwa wolemba amakhala akuganiza kale za mfundo yotsatira. Koma ndizo zimapulumutsa thumba la chimanga.

Chitani chimodzimodzi ndi zina zisanu zija. Pa matumba osalowa mpweya, nenani kuti a PICS ali ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi thumba loluka kunja, kuti pulasitiki iliyonse iyesedwe ngati ilibe bowo musanathire chimanga, kuti mpweya ufinyidwe utuluke, ndi kuti thumba lililonse mwa atatuwo limangidwe palokha. Nenaninso cholakwika chofala: kumatsegula thumbalo pafupipafupi kuti mutapemo, zomwe zimalowetsa mpweya watsopano. Pa kuyendera, nenani zoti munthu ayang'ane: ufa wothothoka pansi pa thumba, timabowo pa njere, fungo la chuku, ndowe za makoswe.

Chenjezo: mfundo imene mwalephera kuipezera muyeso, chifukwa ndi chizindikiro mwina simukuidziwa mokwanira. Bwererani kukafufuza, kapena ichotseni. Musaiphimbe ndi mawu ambiri.

5. Tsimikizani nambala iliyonse, ndipo musapeke

Nambala ndi imene wowerenga amaitenga n'kukaichita monga momwe yalembedwera. Chongani ndi cholembera cha mtundu wina chija nambala iliyonse ya m'nkhani yanu, ndipo pambali pake lembani komwe mwaitenga. Yomwe ilibe kochokera isatuluke.

Pa mankhwala a ufa othira m'chimanga, monga Actellic, samalani koposa. Mankhwala ogulitsidwa m'masitolo a zipangizo za ulimi ndi amitundumitundu, ndipo uliwonse uli ndi muyeso wake. Mukalemba muyeso umodzi ngati wa onse, wina athira ochepa chimanga n'kufumbwa, wina athira ochuluka m'chakudya cha ana ake. Mungachite chimodzi mwa ziwiri: tchulani dzina lonse la mankhwala amodzi n'kukopera muyeso wake kuchokera pa paketi, kapena muuzeni wowerenga pomwe muyesowo walembedwa pa paketi ndi zina zoti awerengepo, monga nthawi yodikira asanadye chimangacho ndi tsiku lothera mphamvu.

Pomwe palibe nambala yokhazikika, perekani chizindikiro chooneka. Pa kusanja matumba munganene kuti akhale pa thandala lokwezeka, ndipo pakati pa matumba ndi khoma pakhale mpata woti munthu athe kuona ndi kusesa kuseriko. Muyeso umenewo ndi woona ndipo munthu angautsatire popanda tepi yoyezera.

6. Sanjani mfundo motsatira chifukwa chimodzi

Mndandanda ungasanjidwe motsatira nthawi yochitira zinthu, kukula kwa phindu lake, kapena mtengo wake. Sankhani njira imodzi n'kuinena m'mawu oyamba. Wathu ndi wa ntchito zotsatizana, choncho kuumitsa kukhale koyamba ndipo kuyendera kukhale komaliza. Ukanakhala wa zinthu zoti munthu asankhepo, yothandiza kwambiri ikanayamba, chifukwa owerenga ambiri pafoni safika kumapeto.

Musalinganize utali wa mfundo. Ya kuumitsa ndi ya kusankha njira yophera tizilombo zingafune mawu 150 iliyonse. Ya kuyeretsa mosungira ingathe m'ziganizo zitatu: chotsani chimanga chakale chonse, sesani m'makona ndi m'ming'alu n'kutentha zinyalalazo, ndipo musasanje chimanga chatsopano pamodzi ndi chakale chifukwa anankafumbwe a chaka chatha ndiwo amayambitsa a chaka chino. Kutalikitsa mfundo yaifupi kuti ifanane ndi zinzake ndi kudzazira komweko, kungoti kwachitikira m'kati mwa mfundo.

7. Lembani mutu ndi mawu oyamba pomaliza

Tsopano werengani mfundo zomwe zatsala, ndipo nambala imeneyo ndiyo ilowe m'mutu: "Zinthu 6 zoti muchite kuti chimanga chanu chisafumbwe mpaka Febuluwale." Mutuwu walonjeza zomwe zili m'katimo, osapitirira. Mawu oyamba akhale ziganizo ziwiri kapena zitatu zonena amene nkhaniyo ikumukhudza ndi mmene mfundo zasanjidwira. Ndime yofotokoza kufunika kwa chimanga m'dziko siikufunika.

Nanga mkonzi akaumirira kuti zikhale 10? Pali njira imodzi yoona yofikira pamenepo, yomwe ndi kukulitsa funso. Mukalisintha kuti liyambire m'munda mpaka m'nyumba, mfundo ya nthawi yokolola ibwerera kuchokera m'envulopu muja, ndipo padzabwera zina zenizeni monga kasankhidwe ka zitsononkho zowola pokolola ndi katonoledwe kosaphwanya njere. Iliyonse idutsenso pa mafunso atatu aja. Zikakwana 9, muonetseni mkonzi timapepala tomwe tagwa ndi chifukwa chake, ndipo pemphani kuti mutu unene 9. N'zosavuta kuti mkonzi avomere akaona ndi maso ake kuti mfundo ya nambala 10 ikanakhala "samalani chimanga."

Zikachitika kuti mutasefa patsalabe mfundo zolimba 17, musadule zabwino kuti zitsale 10. Chimenecho ndi chizindikiro choti funso lanu linali lalikulu. Ligaweni likhale nkhani ziwiri.

8. Yesani nkhaniyo pa munthu weniweni

Isiyeni igone usiku umodzi, kenako mupatseni munthu uja awerenge inu muli chete. Akamaliza, landani pepalalo n'kumufunsa mafunso awiri: watolapo ziti, ndipo mawa angayambe ndi chiyani? Mfundo yomwe sanaikumbuke n'komwe iyang'aneninso, chifukwa mwina ndi yofooka kapena yafanana ndi ina. Pomwe wafunsa kuti "nanga zingati?" kapena "ndidziwa bwanji?" pakusowa muyeso kapena chizindikiro. Musamufunse ngati nkhaniyo ili bwino. Mwaulemu adzati ili bwino, ndipo simudzaphunzirapo kanthu.

Zolakwika zofala

Kugawa ntchito imodzi m'tizidutswa. "Gulani thumba," "tsegulani thumba," "thirani chimanga," "mangani thumba" zitha kukweza nambala msanga, koma ndi mfundo imodzi. Mudzazizindikira poona kuti tizidutswato tili ndi chifukwa chimodzi.

Kubwereza mfundo moitembenuza, "chitani ichi" pa nambala 2 ndi "musalephere kuchita ichi" pa nambala 8. Kawirikawiri zimachitika wolemba akalemba theka lachiwiri tsiku lina osawerenganso theka loyamba. Werengani timitu tokha motsatizana, mokweza, ndipo zobwerezazo zidzaonekera.

Kusakaniza zinthu za misinkhu yosiyana. Mndandanda womwe uli ndi "umitsani chimanga" pa nambala 1 ndi "gwiritsani ntchito botolo lagalasi" pa nambala 4 waika ntchito ndi chipangizo cha ntchito yomweyo ngati n'zofanana. Botololo libwerere m'kati mwa mfundo yake.

Kuika njira zosankhapo ngati zotsatizana, monga taonera pa mankhwala ndi matumba osalowa mpweya. Cholakwika ichi ndi choopsa kuposa zinazi chifukwa sichimangotopetsa wowerenga, chimamuchititsa chinthu cholakwika ndi ndalama zake.

Kukopera mfundo za m'nkhani za mayiko ena osayesa ngati zingatheke kuno. Malangizo onena za makina oumitsira mbewu kapena chipinda chozizira ndi oona kwao, koma kwa banja la matumba 10 ndi ongodzazira malo. Funsani ngati chinthu chomwe mwatchulacho wowerenga angachipeze pamsika wapafupi, ndipo ngati sangachipeze, tchulani chomwe angagwiritse ntchito m'malo mwake kapena chotsani mfundoyo.

Kusintha mfundo n'kuiwala mutu. Mukachotsa kapena kuphatikiza mfundo pa nthawi yokonza, werengani manambala onse kuyambira pa 1, kenako yang'anani mutu, mawu oyamba, ndi paliponse m'nkhanimo pomwe mwalemba kuti "onani mfundo 4," chifukwa mfundo imeneyo mwina tsopano ndi ya nambala 3.